Kusankha Nozo ya Pulinta ya 3D: Bowo Laling'ono Kapena Lalikulu?

Pansi penipeni pa mutu wa pulinta yanu pali kachitsulo kachikasu kosongoka, kokula ngati mbewu ya chimanga. Ndi kamlomo kotulukira pulasitiki yosungunuka, ndipo ambiri timangokatcha nozo. Filamenti, ulusi wa pulasitiki uja wokulungidwa pa gudumu, imalowa pamwamba ili yonenepa mamilimita 1.75, imasungunuka, n'kutulukira pa kabowo kapansi. Mukayang'anitsitsa m'mbali mwa nozo zambiri mupeza nambala yodindidwa, monga 0.4 kapena 0.6. Nambalayo ndi kukula kwa bowo m'mamilimita.

Mapulinta ambiri a m'nyumba amabwera ndi nozo ya 0.4, ndipo eni ake amatha zaka osaimasula n'komwe. Si kulakwa. Koma zinthu zimene timasindikiza pakhomo, monga zokolekera, zogwirira za mapoto ndi madilowa, mabulaketi a mashelefu, zivindikiro ndi tizipangizo tolowa m'malo mwa tothyoka, zambiri sizifuna bowo laling'ono chotere. Kabuku kano kakufotokoza zimene bowolo limalamula, zimene silingathe kusintha, ndi mmene mungawerengere nokha musanawononge filamenti ndi magetsi.

Mzere ndi leya

Pulinta imamanga chinthu ngati mmene mayi woumba mbiya amachitira. Amapota dongo kukhala chingwe, amalizunguliza, kenako amaika chingwe china pamwamba n'kuchikanikiza kuti chigwirane ndi chapansi. Chingwe chilichonse chili ndi miyezo iwiri: kutambalala kwake ndi msinkhu wake. Pa pulinta, kutambalala timati m'lifupi mwa mzere, pomwe msinkhu timati kukhuthala kwa leya. Musasokoneze ziwirizi, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amagulira nozo yolakwika.

M'lifupi mwa mzere mumatsatira bowo la nozo. Kawirikawiri mzere umaposa bowo pang'ono, chifukwa pulasitiki ikakanikizidwa imafalikira m'mbali. Nozo ya 0.4 imajambula mzere wa 0.45, ya 0.6 imajambula wa 0.65, ya 0.8 wa 0.9 kapena pafupi ndi pamenepo. Kukhuthala kwa leya mumasankha nokha mu pulogalamu yokonzera chinthu chosindikiza, imene timati silaisa, monga Cura kapena PrusaSlicer. Bowo limangoikira malire. Leya isapose magawo atatu mwa anayi a kukula kwa bowo, ndiye kuti 0.3 pa nozo ya 0.4, 0.45 pa ya 0.6, ndi 0.6 pa ya 0.8. Mukapyola apo, nozo imangogwetsa chingwe chobulungira osachikanikiza, ndipo maleya amasendeka ndi chikhadabo. Kumunsi nako kuli malire, pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a bowo.

Tanthauzo lake ndi ili. Mukafuna kuti khoma lopendekera kapena mutu wa chidole usaoneke masitepe, chepetsani leya. Nozo ya 0.6 ingathe kusindikiza leya ya 0.2, yofanana ndendende ndi imene mumagwiritsa ntchito pa 0.4, ndipo mukayang'ana chinthucho cham'mbali n'kovuta kusiyanitsa. Chimene bowo lalikulu limaononga ndi zojambulidwa mukayang'ana kuchokera pamwamba: zilembo zing'onozing'ono, mano a kagiya, ngodya zakuthwa, timipata topyapyala. Cholembera chonenepa sichilemba kachilembo kakang'ono, ngakhale dzanja likhale laluso chotani.

Chidindo cha sopo

Tiyambe ndi chinthu chofunadi nozo yaing'ono. Tinene kuti mumapanga sopo pakhomo ndipo mukufuna chidindo chokhala ndi dzina la malonda anu. Zilembo zake n'zotalika mamilimita 6, ndipo mzere wa chilembo chilichonse ndi wotambalala 0.5. Kampata ka mkati mwa chilembo cha e ndi ka 0.4.

Pa nozo ya 0.8 musayese n'komwe. Pa ya 0.6, silaisa ichita chimodzi mwa ziwiri: isiya mbali zina za zilembo osazijambula, kapena izinenepetsa mpaka kampata ka e katsekeke, chilembocho chioneke ngati kadontho. Pa ya 0.4 chilembo chilichonse chikhala mzere umodzi. Chiwerengeka, koma ngodya zake zikhala zobulungira, ndipo poyambira ndi pothera mzere pamatsala kachotupa. Pa ya 0.25 mzere wa chilembo ukwana mizere iwiri yogundana, ngodya zituluka bwino, ndipo dzina lioneka pa sopo monga munalilembera.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Pezani kanthu kopyapyala kwambiri pa chojambula chanu, mukakayeze. Ngati n'kochepera m'lifupi mwa mzere wa nozo yanu, sikatuluka mokhulupirika. Ngati kakukwana mizere iwiri, katuluka bwino. Ndipo musanadine batani losindikiza, tsegulani chithunzi cha `Preview` mu silaisa, mutsike leya ndi leya pamene pali zilembo. Chimene sichikuoneka pamenepo sichidzaonekanso pa mbale ya pulinta. Masilaisa a kuyambira chaka cha 2022, monga Cura 5.0 ndi PrusaSlicer 2.5, ali ndi njira yotchedwa Arachne imene imachepetsa kapena kukulitsa mzere pamene pakufunika. Njirayi yathandiza kwambiri nozo ya 0.6 kutulutsa timakoma topyapyala timene kale inkangotidumpha, koma siisandutsa 0.6 kukhala 0.25.

Nozo yaing'ono ili ndi mtengo wake, ndipo sindikunena wa m'sitolo. Bowo la 0.2 si lochepa ndi theka poyerekeza ndi la 0.4 monga nambala zikuonekera. Malo otulukira pulasitiki ndi gawo limodzi lokha mwa anayi, popeza bowo ndi lozungulira, ndipo ukachepetsa kukula kwake ndi theka, malo ake amachepa kanayi. Kafumbi kamene kamadutsa pa 0.4 osadziwika kamatseka 0.2. M'miyezi ya fumbi, filamenti yosiyidwa pamtunda imatola dothi lokwanira kukuvutitsani tsiku lonse. Isungeni m'thumba lotseka, ndipo dulani kachidutswa ka siponji mukapanikize pa filamenti isanalowe m'makina kuti kazipukuta ikamadutsa. Kasingano kotokosera kamene kamabwera ndi mapulinta ambiri kanapangidwira bowo la 0.4, choncho musakakakamize pa 0.25, mungaononge bowo. Leya yoyamba nayonso imavuta, chifukwa ndi yopyapyala kwambiri moti mbale ikangopendekera pang'ono, mbali ina pulasitiki siimata ndipo mbali ina nozo imakhula mbale.

Pa chidindo chokhala ndi pulasitiki yokwana makyubiki sentimita 3, zonsezi n'zopiririka, popeza ntchito imatha pasanathe ola. Vuto limabwera munthu akaiwala nozo ya 0.25 pa makina n'kuyamba chinthu chachikulu.

Bulaketi ya shelefu: tiwerengere limodzi

Tsopano chinthu cha tsiku ndi tsiku. Mukufuna bulaketi yonyamula shelefu ya kukhitchini, ndipo silaisa yakuuzani kuti idya magalamu 74 a pulasitiki ya PLA. Kyubiki sentimita imodzi ya PLA imalemera magalamu 1.24, choncho bulaketiyo ndi makyubiki sentimita 60, kapena makyubiki milimita 60,000. Pulasitiki yonseyi iyenera kusungunuka ndi kudutsa pa bowo limodzi. Nthawi imene zitenge imadalira kuchuluka kwa pulasitiki yotuluka pa sekondi, ndipo mumaipeza pochulukitsa zinthu zitatu:

```
leya × m'lifupi mwa mzere × liwiro = mm³/s
```

Pa nozo ya 0.4, leya ya 0.2, mzere wa 0.45 ndi liwiro la mamilimita 60 pa sekondi, mutulutsa 5.4 pa sekondi. Gawani 60,000 ndi 5.4, mupeza masekondi oposa pang'ono 11,000, omwe ndi maola atatu ndi mphindi zochepa. Pa nozo ya 0.25, leya ya 0.12, mzere wa 0.27 ndi liwiro la 40, mutulutsa 1.3 yokha, ndipo bulaketi yomweyo itenga pafupifupi maola 13. Pa nozo ya 0.6, leya ya 0.3, mzere wa 0.65 ndi liwiro lomwe lija la 60, mutulutsa 11.7, ndipo ntchito itha mu ola limodzi ndi mphindi 25. Nthawi yeniyeni imaposerapo ndithu, chifukwa mutu wa pulinta umachepetsa liwiro pokhota ndipo umayendanso maulendo ena osatulutsa kanthu, koma kusiyana kwa manozo kumakhala kotereku.

Kwa ife amene magetsi amatha kuthima ntchito ili mkati, kusiyana kwa maola atatu ndi ola limodzi ndi theka si nkhani ya kuleza mtima chabe. Ndi kusiyana kwa bulaketi yathunthu ndi theka la bulaketi lomatirira pa mbale. Mapulinta ena amapitiriza magetsi akabwerera, koma polumikizira pamakhala chipsera, ndipo pa chinthu chonyamula katundu chipseracho ndi pamene padzathyokere.

Mukaona zimenezi mungaganize kuti nozo ya 0.8 ndiye ithamanga koposa. Tiyeni tiwerenge. Leya ya 0.4, mzere wa 0.9, liwiro la 60: zikupereka 21.6 pa sekondi. Papepala bulaketi itha m'mphindi 46. Pa makina ambiri a m'nyumba sizitheka, ndipo chifukwa chake chili pamwamba pa nozo, osati pa bowo.

Malire a moto

Filamenti imasungunukira m'kanjira kafupi mkati mwa kabuloko kachitsulo kotenthetsedwa ndi hita. Kuti isungunuke mpaka pakati, iyenera kukhalamo kanthawi. Mukaikankha mofulumira, kunja kumasungunuka pomwe pakati pakadali pouma, monga mbatata yootcha pa moto waukulu. Mitu wamba, ya mtundu wa E3D V6 ndi yofanana nayo, imatha kusungunula PLA yokwana makyubiki milimita 11 mpaka 15 pa sekondi. Mitu yokhala ndi kanjira kotalikirapo, monga Volcano ya kampani yomweyo ya ku Britain, imafika pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo mapulinta atsopano othamanga amabwera ndi mitu ya mtundu wotere.

Ndiye ngati mutu wanu umalekezera pa 12, nozo ya 0.8 yojambula mzere wa 0.9 pa leya ya 0.4 iyenera kuyenda mamilimita 33 okha pa sekondi. Bulaketi ija itenga masekondi 5,000, ola limodzi ndi mphindi 23. Mwapindula mphindi ziwiri poyerekeza ndi 0.6, koma mwataya ngodya zakuthwa ndi mabowo a masikuluwu olondola. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti pa pulinta wamba, nozo ya 0.6 ndiyo yoyenera zinthu zapakhomo: imadya pafupifupi moto wonse umene mutu ungapereke, osaupyola. Ya 0.8 ndi ya 1.0 zimapindulitsa pa mutu wamphamvu, kapena pamene mukufuna mzere wonenepa pa chifukwa china, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Mukapyola malire a moto, makina amakuuzani. Mumva kagiya kokankha filamenti kakulira kuti tha, tha, tha, kakubwerera m'mbuyo. Mukatsegula mupeza fumbi la pulasitiki pa mano ake ndi filamenti yokukutidwa mbali imodzi. Makoma amatuluka ndi timipata ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, makamaka pa mizere yaitali yowongoka pamene liwiro limafika pachimake, pomwe pokhota pamaoneka bwino. PLA imene imanyezimira imasanduka yotuwa. Ambiri akaona izi amati nozo yatsekeka, n'kuyamba kuitokosa. Chepetsani kaye liwiro ndi theka. Vuto likatha, nozo ilibe mlandu.

Mungathe kuyeza malire a makina anu. Kwezani mutu kuti utalikirane ndi mbale, kenako tumizani malamulo awa kudzera pa kompyuta:

```
M109 S215
M83
G1 E50 F300
```

Loyamba litenthetsa nozo kufika madigiri 215, lachiwiri liuza makina kuwerenga filamenti kuchokera pamene ili, lachitatu likankha mamilimita 50 a filamenti pa liwiro la mamilimita 300 pa mphindi, omwe ndi 5 pa sekondi. Milimita imodzi ya filamenti ya 1.75 ili ndi makyubiki milimita 2.4, choncho apa mukusungunula 12 pa sekondi. Ikatuluka yosalala, kagiya osalira, bwerezani lamulo lomaliza ndi `F360`, kenako `F420`. Pamene kagiya kayambe kulira kapena chingwe chotuluka chiyambe kukhakhala, bwererani sitepe imodzi, muchotsepo pang'ono, ndipo nambalayo muilembe mu silaisa. Mu PrusaSlicer malo ake ndi `Max volumetric speed`, ndipo ikalembedwa pulogalamuyo imachepetsa yokha liwiro kuti isapyole. Kuonjezera madigiri 5 kapena 10 pa nozo yaikulu kumathandiza pang'ono, koma mukaonjeza kwambiri pulasitiki imayamba kudontha ndi kusiya ulusi ngati wa kangaude.

Nanga kulimba?

Mumva anthu akunena kuti nozo yaikulu imalimbitsa chinthu. N'zoona, koma kwakukulu si pa chifukwa chimene amaganizira. Mphamvu ya chinthu chosindikizidwa imakhala m'khoma lake lakunja kuposa m'zodzazira za mkati, monga nsungwi imalimbira ngakhale mkati muli mphako. Silaisa imawerenga khomalo m'mizere. Pa `Perimeters` mu PrusaSlicer kapena `Wall Line Count` mu Cura mupeza nambala ngati 2 kapena 3. Mizere iwiri pa nozo ya 0.4 ndi khoma la pafupifupi 0.9. Mizere iwiri yomweyo pa 0.6 ndi khoma la 1.3, ndipo pa 0.8 ndi la 1.8. Munthu wasintha nozo, sanakhudze china chilichonse, bulaketi yatuluka yolimba, ndiye akuyamikira bowo. Chimene chachitika n'chakuti khoma lanenepa ndipo pulasitiki yalowa yambiri. Akanaika mizere inayi pa 0.4 akanapezanso khoma la 1.8 ndi mphamvu yoyandikira, kungoti nthawi ikanachuluka.

Choncho yambani ndi funso la khoma. Pa bulaketi ya shelefu ine ndimafuna khoma la mamilimita awiri kapena kuposerapo. Pa 0.4 ndi mizere isanu, pa 0.6 ndi inayi. Apa ndiye phindu lenileni la nozo yaikulu: imakufikitsani pa khoma lokhuthala ndi maulendo ochepa.

Palinso mphamvu ina imene imachokeradi ku mzere wonenepa. Chinthu chosindikizidwa sichithyoka pakati pa mzere kawirikawiri, chimang'ambika pamene mzere wagundana ndi unzake, makamaka pakati pa leya ndi leya. Mzere wonenepa umasunga kutentha nthawi yotalikirapo, ndiye umasungunula pang'ono leya ya pansi n'kulowerera nayo. Ulinso ndi malo otambalala ogwirana. Koma izi zimachitika pokhapokha mzerewo wakanikizidwa n'kukhala wophwatalala. Kumbukirani woumba mbiya uja: chingwe cha dongo chongosanjikizidwa osakanikiza chimagwira pa kamzere kakang'ono ka pakati, ndipo mbiya imasweka m'ng'anjo. Pa nozo ya 0.8, leya ya 0.6 ndi yololeka, koma mizere yake ndi yobulungira ndipo pakati pake pamatsala timphako. Leya ya 0.4 pa nozo yomweyo ndi yophwatalala ndipo imagwirana bwino. Pa chinthu chonyamula katundu, leya ikhale theka la bowo kapena kucheperapo: 0.2 pa 0.4, 0.3 pa 0.6, 0.4 pa 0.8.

Ndinaphunzira izi pa kokolekera chidebe cha madzi. Ndinali nditangomanga nozo ya 0.8, ndipo ndinasankha leya yokhuthala kwambiri kuti ndione mmene ingathamangire. Kokolekerako ndinakaimika chilili pa mbale. Kanatuluka msanga, kolemera m'manja, kooneka ngati sikangathyoke. Nditakoleka chidebe cha malita 10, kanaduka pakhosi, madzi n'kumwazika pansi. Nditayang'ana podukapo, panali posalala ngati podulidwa ndi mpeni, ndipo mizere inkaoneka payokhapayokha, yonyezimira pakati pokha pamene inagwirana. Ndinalakwitsa ziwiri. Leya inali yokhuthala mopyola, komanso kulemera kwa chidebe kunkakoka maleya kuwalekanitsa. Nditakagoneka cham'mbali kuti mizere iyende motsatira kupindika kwake, n'kutsitsa leya kufika 0.4, kananyamula chidebe chomwecho popanda vuto. Kagonekedwe ka chinthu pa mbale kamaposa nozo iliyonse pa nkhani ya kulimba, ndipo bowo lalikulu silingapulumutse chinthu chogonekedwa molakwika.

Podukapo pamakuuzani zambiri. Pakakhala posalala motsatira leya imodzi, maleya sanagwirane: tsitsani leya, onjezani kutentha pang'ono, chepetsani fani, kapena sinthani kagonekedwe. Pakakhala pokhakhala, poyererako, podutsa maleya angapo, pulasitiki yagwirana bwino koma yachepa: onjezani khoma.

Pamene 0.8 imapambanadi ndi pa zinthu za khoma la mzere umodzi, monga miphika ya maluwa, mabasiketi a zinyalala ndi zotchingira nyale, zimene silaisa imazungulira mosalekeza kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mu PrusaSlicer njirayi ndi `Spiral vase`. Pa 0.4 khoma lotere limapindika ngati pepala. Pa 0.8 kapena 1.0 limaima lolimba, ndipo silidontha madzi msanga.

Zimene bowo lalikulu limabweretsa

Mzere wonenepa umachedwa kuzizira. Pa malo olendewera opanda chochirikiza pansi umagwa, ndipo pa tinsonga ting'onoting'ono leya yatsopano imafika yapansi isanaume, chinthu n'kuoneka ngati kandulo yosungunuka. Zochirikiza nazo zimatuluka zonenepa, zovuta kuthyola, ndipo zimasiya zipsera. Mabowo a masikuluwu amachepa kuposa mmene munajambulira. Pa bulaketi ija, bowo la mamilimita 4 ndi bwino kulijambula lokulirapo pang'ono kapena kulidutsitsa dilu mukatha. Mbali ziwiri zoyenera kulowana, monga bokosi ndi chivindikiro chake, zimafuna mpata wokulirapo kuposa umene munazolowera pa 0.4. Sindikizani kachidutswa koyesera ka polowanapo musanayambe chinthu chonse.

Koma bowo lalikulu limachotsanso mavuto ena. Filamenti yosakaniza utuchi wa mtengo imatseka 0.4 pafupipafupi, pomwe pa 0.6 imadutsa bwino. Yosakaniza ulusi wa kaboni kapena yowala mumdima nayonso imayenda bwino pa 0.6, kungoti imeneyi imadya nozo yachikasu ya bulasi mofulumira, kukulitsa bowo ndi kufupikitsa nsonga. Imafuna nozo ya chitsulo cholimbitsidwa, imene siidutsitsa kutentha bwino ngati bulasi, choncho mumaonjezera madigiri pang'ono.

Musanagule nozo ina, dziwaninso kuti nsonga ya nozo ili ndi kamalo kosalala kozungulira bowo, kamene kamasita pulasitiki ngati simbi. Chifukwa cha kamaloka, nozo ya 0.4 ingathe kujambula mzere wa 0.6 bwinobwino mukangosintha `Line Width` mu Cura kapena `Extrusion width` mu PrusaSlicer. Mupeza khoma lokhuthala ndi nthawi yocheperapo popanda kugwira sipanala. Chimene simungapeze ndi leya yokhuthala kuposa 0.3. Ngati zinthu zazikulu mumasindikiza mwa apo ndi apo, njira iyi ikukwanirani.

Kusintha nozo

Pogula, onetsetsani mtundu wa mutu wanu. Nozo za V6 ndi za MK8 zili ndi mazinga ofanana a M6 koma zimasiyana kutalika, ndipo yolakwika imalowa bwinobwino n'kudzadontha pambuyo pake. Makina ena atsopano, monga okhala ndi mutu wa Revo, amasinthidwa ndi zala mutu uli wozizira. Zotsatirazi ndi za mitu wamba yomanga ndi sipanala.

Tenthetsani mutu, muchotse filamenti. Mutu ukadali wotentha, gwirani kabuloko ka hita ndi sipanala imodzi kuti kasapotoke, ndipo masulani nozo ndi sipanala ya bokosi, ya mamilimita 7 pa V6 kapena 6 pa MK8. Samalani timawaya topyapyala totuluka m'kabulokomo, timaduka msanga, ndipo sipanala isatikhudze. Nozo yotuluka ndi yotentha kuposa madigiri 200, igwere m'mbale yachitsulo. Lowetsani yatsopano pang'onopang'ono kuti mazinga agwirane bwino, muidikire itenthe, kenako muimange komaliza ili yotentha. Zitsulo zimafutukuka zikatentha, ndiye nozo yomangidwa yozizira imasiya kampata makina akayamba ntchito. Pulasitiki imatulukira pa mazinga, kukwera pamwamba pa kabuloko, n'kumadonthera pa chinthu chanu ngati timadontho takuda topserera. Musamange ndi mphamvu zonse, bulasi imaduka.

Nozo iyenera kugunda kapaipi ka mkati, osati kabuloko. Pa mutu wachitsulo chokhachokha, mukamaliza payenera kutsala kampata kooneka ndi maso pakati pa mutu wa nozo ndi kabuloko. Pa mitu imene kapaipi koyera ka PTFE kamatsika mpaka pa nozo, monga pa pulinta ya Ender 3 yoyamba, kapaipiko kadulidwe mowongoka ndipo kakanikizidwe mpaka kagunde nozo. Pakatsala mpata, pulasitiki imadzaza pamenepo ndipo makina amatsekeka mobwerezabwereza. Mutu wotere musautenthetse kupyola madigiri 240, chifukwa kapaipiko kamaonongeka.

Mukatha, chitani ziwiri zimene ambiri amaiwala. Yesaninso mpata wa pakati pa nozo ndi mbale, popeza nozo ziwiri sizitalika mofanana ndendende, ndipo yatsopano ingakhule mbale pa ulendo woyamba. Kenako uzani silaisa. Pa `Nozzle diameter` mu PrusaSlicer kapena `Nozzle size` mu Cura lembani nambala yatsopano, muonenso kuti leya ndi m'lifupi mwa mzere zasintha. Fayilo yakale yokonzedwera 0.6 mukaiyendetsa pa 0.25, kagiya kayamba kulira pa leya yoyamba. Yokonzedwera 0.25 mukaiyendetsa pa 0.8, mupeza timizere toduka ndi makoma osagwirana. Lembani kukula kwa nozo pa dzina la fayilo iliyonse, ndipo mumate kapepala pa pulinta kosonyeza nozo imene ilipo, kuti wina wa m'nyumbamo akafuna kusindikiza mawa adziwe. Nozo yomwe mwachotsa muiike m'kabotolo kake, chifukwa nambala yodindidwa ija imakutika ndi pulasitiki yopserera ndipo 0.4 ndi 0.6 n'zovuta kusiyanitsa ndi maso.